Chiganizo chikamveka pawiri: womasulira asankhe yekha kapena afunse amene analemba?

Madzi akasefukira kuno ku Chigwa cha Shire, makalata ndi malipoti olembedwa ndi makomiti a m'midzi, a sukulu ndi a m'makampu amachuluka. Zinali choncho mu Januwale 2015, mu Malichi 2019 pa namondwe Idai, mu Januwale 2022 pa Ana, ndiponso mu Malichi 2023 pa Freddy. Ambiri mwa makalatawa amalembedwa m'Chichewa, pa pepala long'amba m'kope, koma amene amagawa thandizo amawerenga Chingerezi. Pakati pawo pamakhala womasulira, ndipo dandaulo limene limamveka pa iye lili mbali ziwiri. A ku ofesi amati amachedwetsa ntchito ndi mafoni ake ofunsa zinthu zimene zalembedwa kale poyera. A kumudzi, akadzamva zimene lipoti lanena, nthawi zina amati, "Ife sitinanene zimenezo."

Madandaulo onse awiriwa kawirikawiri amachokera pa chinthu chimodzi: chiganizo chimene chingathe kumveka m'njira ziwiri, zonse zolondola, koma chinenero chimene tikumasuliramo chikutikakamiza kusankha imodzi.

Kumveka pawiri n'kutani?

Tisiyanitse kaye zinthu zitatu zimene zimasokonezedwa. Choyamba ndi pamene womasulira sakudziwa mawu. Pamenepo vuto si la chiganizo, ndi lake, ndipo mankhwala ake ndi mtanthauziramawu kapena munthu wodziwa ntchito imene ikukambidwayo. Chachiwiri ndi pamene mlembi sanatchule zonse, monga kulemba kuti "ziweto zambiri zinapita ndi madzi" osanena kuti zingati. Chiganizo chotere sichili pawiri, changokhala chosakwanira, ndipo m'Chingerezi chimalowa ndi kusakwanira kwake komweko. Si ntchito ya womasulira kukawerenga mbuzi.

Chachitatu ndicho tikukamba. Mawu onse mukuwadziwa, chiganizo n'chathunthu, koma mungathe kulemba ziganizo ziwiri zosiyana, chilichonse chomveka bwino, ndipo munthu woona mtima angavomereze kuti chilichonse mwa ziwirizo chingakhale chimene mlembi amanena. Ngati mwalephera kulemba tanthauzo lachiwirilo m'chiganizo chake chokwanira, ndiye kuti mwangokayikira chabe, ndipo sipanafike pofunsa munthu.

Ife olankhula Chichewa timazolowera kuganiza kuti chinenero chosokoneza ndi Chingerezi, chathuchi n'chowongoka. Koma Chichewa cholembedwa chili ndi msampha waukulu umene cholankhulidwa chilibe. Tikamalankhula, mawu amakwera ndi kutsika, ndipo kukwera ndi kutsikako kumasintha tanthauzo. Ichi ndicho kamvekedwe ka mawu. Kalembedwe kathu ka tsiku ndi tsiku sikaonetsa kamvekedweka. N'chifukwa chake mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika zimalembedwa chimodzimodzi ngakhale khutu limazisiyanitsa. Pa mayina ngati amenewa sipavuta kwenikweni, chifukwa palibe amene angadule mtengo wa thumba la chimanga ndi nkhwangwa. Povuta ndi pa aneni, pamene kamvekedwe kamasintha nthawi imene chinthu chinachitika.

Kalata ya komiti ya sukulu

Tiyerekeze kuti womasulira ali ku Nsanje pa boma, ndipo wapatsidwa kalata yochokera ku komiti ya sukulu ina ya kutsidya kwa Shire, cha kumene Ruo amathira. Ndime ina ikuti:

"Mvula inagwa masiku atatu osalekeza. Madzi amalowa m'makalasi ndipo ana amaphunzirira pansi pa mitengo. Aphunzitsi anasamukira ku Bangula. Mabuku sitinalandire. Tikupempha thandizo."

Aliyense angawerenge ndimeyi n'kunena kuti yamveka. Koma yesani kuiwerenga mokweza kawiri, muona kuti pa mawu akuti "amalowa" pakamwa pakhoza kuchita ziwiri. Mukayamba mokweza pa "a" woyambayo, mukunena za chizolowezi: madzi amalowa m'makalasimo chaka ndi chaka. Mukayamba motsitsa, mukunena za kale: madzi anali kulowa pa masiku a mvula aja, zimene ena angalembe kuti "ankalowa". Anthu ambiri polankhula ndi polemba amagwiritsa ntchito "-ma-" pa zonse ziwiri, ndipo salakwa. Chingerezi chilibe njira yachidule yosungira zonse ziwiri pamodzi. Mneni wake ayenera kukhala wa nthawi ino kapena wa nthawi yakale.

Taonani tsono chimene chikudalira kachilembo kamodziko. Ngati madzi analowa pa namondwe yekhayo, owerenga lipoti aganiza zotsuka matope, kukonza pansi ndi kugula madesiki. Ngati amalowa dzinja lililonse, nkhani ikhala ya malo amene sukuluyo inamangidwapo, ndipo ayamba kukamba zokweza maziko kapena kusamutsira sukulu kumtunda, zimene kuno si nkhani yaing'ono chifukwa imakhudza minda, manda ndi ufumu. Womasulira akasankha mwamwayi, wasankhira mudzi wonse popanda wina kudziwa kuti panali chosankha. Wowerenga Chingerezi saona chipsera chilichonse pa chiganizocho. Chimaoneka chosalala ndi chotsimikizika.

Musanagwire foni

Womasulira wodziwa ntchito sathamangira kufunsa. Amayamba wafunsa pepala lomwelo, chifukwa nthawi zambiri yankho limakhala pafupi.

Choyamba amayang'ana ziganizo zoyandikana nazo. Chiganizo choyamba chikunena za mvula ya masiku atatu imene inagwa n'kutha. Zimenezi zikukokera ku tanthauzo la kale: mvula inagwa, madzi ankalowa. Akanangowerenga pomwepo bwenzi atasankha osakayika. Koma theka lachiwiri la chiganizo cha "amalowa" chija likuti ana amaphunzirira pansi pa mitengo. Palibe mwana angakhale pansi pa mtengo ndi kope mvula ikugwa masiku atatu osalekeza. Ndiye "amaphunzirira" sakunena za masiku amvulawo. Akunena za masiku ano, kapena za zimene zimachitika nthawi iliyonse madzi akalowa. Aneni awiri a maonekedwe ofanana ali m'chiganizo chimodzi, wina akukokera kale, wina akukokera lero. Umboni wagawanika.

Kenako amayang'ana chizolowezi cha mlembiyo m'kalata yonse. Munthu aliyense ali ndi kalembedwe kake. Ngati penapake analemba kuti "anthu ankathawira ku tchalitchi" kapena "madzi ankafika m'chiuno", ndiye kuti akafuna kunena za kale amagwiritsa ntchito "-nka-", ndipo "amalowa" wakeyo mwachidziwikire ndi wa chizolowezi. Koma ngati analemba kuti "usiku umenewo anthu amathawira ku tchalitchi", tadziwa kuti "-ma-" wake amagwiranso ntchito ya kale, ndipo kukayika kwathu kukadalipo. Iyi ndi njira yothandiza kwambiri koma imaiwalika, chifukwa womasulira wopanikizika ndi nthawi amayamba kumasulira mzere woyamba asanawerenge mpaka kumapeto.

Amasakanso timawu ta nthawi: "chaka ndi chaka", "dzinja lililonse", "tsiku limenelo", "mpaka pano", "kuyambira 2015". Kamodzi kokha mwa timeneti kakhoza kutseka nkhani yonse. Amaona tsiku limene kalatayo inalembedwa. Ndipo ngati pali mapepala ena ochokera ku komiti yomweyo, kapena zithunzi, amaonamo.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikuona kuti chiyenera kusamalidwa apa, ndicho zimene womasulira akudziwa yekha za deralo. Munthu wokulira ku Makhanga kapena ku Chiromo akudziwa kuti kumeneko madzi si mlendo, ndipo mtima wake unena msanga kuti "amalowa chaka chilichonse, ndikudziwa." Mwina akunena zoona za dera, koma funso si lakuti kuderako kumachitika zotani. Funso ndi lakuti mlembi analemba chiyani za sukulu iyi. Ikhoza kukhala pa kachitunda pamene madzi anafika koyamba chaka chimenecho, ndipo n'chifukwa chake komiti yadabwa mpaka kulemba kalata. Kudziwa dera kumathandiza kuona kuti tanthauzo lachiwiri n'lotheka. Sikupereka chilolezo cholisankha.

Si pokayikitsa ponse pofunika funso

M'ndime yathuyi muli malo enanso awiri omveka pawiri, ndipo akutiphunzitsa kuti malo otere salemera mofanana.

"Mabuku sitinalandire." Apanso kamvekedwe ndiko kamasiyanitsa. Mukayamba mokweza, mukunena kuti pa nthawi inayake mabuku anagawidwa ndipo ife sitinalandire nawo. Mukayamba motsitsa, mukunena kuti mpaka pano tikudikirabe. Tanthauzo loyamba lili ndi kafungo ka dandaulo lakuti anatidumpha, lachiwiri lili ndi kafungo ka lonjezo limene silinakwaniritsidwe. Koma pano Chingerezi chili ndi njira yapakati, yongonena kuti pofika tsiku lolemba kalata mabuku anali asanafike m'manja mwawo, popanda kuwonjezera kamawu kosonyeza kuti akuyembekezeka, ndiponso popanda kutchula nthawi imene ena analandira. Matanthauzo onse awiri amakwana m'menemo, ndipo chimene owerenga achite n'chimodzimodzi: sukuluyo ilibe mabuku. Apa sipafunika kuvutitsa munthu.

"Aphunzitsi anasamukira ku Bangula." Ulemu wathu ndiwo wabweretsa vuto. "Aphunzitsi" akhoza kukhala munthu mmodzi amene tikumulemekeza, kapena gulu lonse. Chingerezi sichilola kubisa nambala: dzinalo liyenera kusonyeza mmodzi kapena ambiri. Mmodzi akasamuka, sukulu ikuyendabe movutikira. Onse akasamuka, sukulu yatsekedwa. Pepala likuthandizako pang'ono, chifukwa ngati ana akuphunzirabe pansi pa mitengo ndiye kuti wina akuwaphunzitsa, choncho si onse anachoka. Koma kaya ndi mmodzi kaya ndi anayi, pepala silikunena, ndipo njira yapakati palibe. Ili ndi funso loyenera kufunsa.

Zili ngati wopalasa bwato m'Dambo la Njovu akafika pamene madzi agawikana pakati pa mabango. Ngati mitsinje iwiriyo ikukakumananso patsogolo, amangolowa uliwonse. Amaima n'kufunsa msodzi pokhapokha ngati wina ukukathera kwina. Kwa womasulira, funso loyenera kupita kwa mlembi ndi limene lakwanitsa zinthu zitatu pamodzi: pepala lalephera kuyankha, chinenero chomasuliramo sichilola kusunga matanthauzo onse awiri, ndipo kusankha molakwika kusintha zimene wina achite, alandire, amwe, alipire kapena aimbidwe nazo mlandu. Chimodzi mwa zitatuzi chikasowa, nthawi zambiri womasulira angathe kupitiriza yekha.

Pali malo ena pamene muyezo umatsika, moti ngakhale kukayika kochepa kumakwanira kufunsa: muyezo wa mankhwala, ndalama, masiku, malire a munda, mayina a olandira thandizo, ndi chilichonse chokawerengedwa m'khoti.

Kafunsidwe kake

Funso loipa kwambiri ndi lakuti, "Apa mumatanthauza chiyani?" Mlembi sakuona vuto, chifukwa m'mutu mwake chiganizocho chili ndi kamvekedwe kamodzi kokha, kamene anali nako polemba. Adzangokuwerengerani chiganizo chomwecho, kapena adzayamba kufotokoza nkhani yonse ya chigumula kuyambira pachiyambi, mayunitsi n'kutha yankho lisanapezeke. Ena amamva ngati mukuwanena kuti sadziwa kulemba.

Funso labwino limatchula malo, limabwereza mawu ake enieni, n'kuika matanthauzo awiriwo poyera kuti iye angosankha. Uthenga wake ukhoza kukhala wotere:

"Bambo Mlembi, mwaswera bwanji? Ine ndi amene ndikumasulira kalata yanu m'Chingerezi. Yamveka bwino, koma Chingerezi chikundikakamiza kusankha pa malo awiri, ndiye ndati ndisakusankhireni. Mu ndime yachiwiri munalemba kuti 'Madzi amalowa m'makalasi.' Kodi mumanena kuti ankalowa pa masiku atatu a mvula aja, kapena kuti amalowa chaka chilichonse? Komanso pamene munati 'Aphunzitsi anasamukira ku Bangula', kodi ndi mphunzitsi mmodzi kapena angapo? Kalatayi ikufunika Lachinayi masana."

Mafunso onse apite pamodzi, womasulira atawerenga kalata yonse. Munthu amene ali pa kampu, foni yake akukatchajitsa kumsika, simungamutumizire funso limodzi m'mawa, lina masana, lina madzulo.

Onani chimene uthengawu sunanene. Sunanene kuti "mukati chaka chilichonse, mwina akumangirani sukulu yatsopano." Mukangotchula phindu la yankho lina, simukufunsanso zimene munthu analemba, mukumufunsa zimene akufuna. Ndipo anthu amene ataya zonse sitingawadzudzule akasankha yankho lobweretsa malata. Pa chifukwa chomwecho, pewani funso lokhala ndi yankho m'kati mwake, monga "Mumanena kuti chaka chilichonse eti?" Mwaulemu wathu, munthu wamkulu akafunsidwa choncho ndi wa ku ofesi amangoti "eya", ngakhale samaganiza zimenezo.

Popeza vuto lake ndi la kamvekedwe, ena amapempha mlembi kuti awerenge chiganizocho mokweza pa foni kapena atumize mawu ojambula pa WhatsApp. Zimathandiza ndithu, koma osazidalira zokha. Munthu akamawerenga pepala, makamaka limene analemba masabata apitawo, amawerenga ndi liwu la m'kalasi, chilembo ndi chilembo, ndipo kamvekedwe kachibadwa kamatayika. Komanso kuno timasakaniza Chimang'anja, Chisena ndi Chichewa cha kusukulu, ndiye khutu la womasulira wochokera ku Dedza likhoza kumva zina. Ndi bwino kumva mawuwo, kenako n'kutsimikiza ndi funso la matanthauzo awiri lija.

Kusakanizika kwa zinenero kumeneku kumabweretsanso mtundu wake wa kumveka pawiri. Mlembi amene kwawo amalankhula Chisena akhoza kulemba m'kalata ya Chichewa kuti "anthu analonga usiku wonse." Pa Chichewa timva kuti ankalonga katundu m'matumba pokonzeka kuthawa. Pa Chisena kulonga ndi kulankhula, ndiye mwina anthuwo anachezera kukambirana. Zonse ziwiri zikugwirizana ndi usiku wa chigumula. Womasulira amene sadziwa Chisena sangaone n'komwe kuti pali chofunsa, ndipo kumveka pawiri koopsa kwambiri ndi kumene sunakuone.

Afunsidwe ndani, ndipo yankho lisungidwe bwanji?

Amene anagwira cholembera si nthawi zonse mwini mawu. Kalata ya komiti kawirikawiri imalembedwa ndi mlembi, koma mawu ake ndi a wapampando kapena a msonkhano wonse, ndipo pansi pamakhala chidindo cha amfumu. Pa funso la aphunzitsi angati, mlembi angayankhe yekha. Pa funso lokhudza zimene komiti inagwirizana, angafunike kubwerera kwa anzake. Ndiponso womasulira asalumphe amene anamupatsa ntchito. Mapepala ena ali ndi zinsinsi, monga umboni wa mayi amene anachitidwa nkhanza pa kampu, ndipo kumuimbira foni mwachindunji, mwina pa foni ya mwamuna wake, kungamuike pa ngozi. Funso lidutse kwa amene anatenga umboniwo.

Tiyerekeze kuti mlembi wayankha kuti, "Amalowa chaka chilichonse kuyambira 2015, koma chaka chino anafika m'mawindo. Anasamuka ndi ahedi okha." Womasulira tsopano alemba mneni wa chizolowezi ndi mphunzitsi mmodzi. Koma za 2015, za mawindo, ndi zakuti wosamukayo ndi mphunzitsi wamkulu, m'kalata munalibe. Siziyenera kulowetsedwa m'kati mwa kumasulira ngati kuti zinalembedwa. Ziikidwe m'mawu apansi, olembedwa momveka kuti ndi a womasulira: mlembi atafunsidwa pa foni tsiku lakuti, anafotokoza zakuti. Wina akadzayerekeza kalata ya Chichewa ndi ya Chingerezi, apeze kuti zikugwirizana mzere ndi mzere, ndipo zowonjezera zili padera ndi gwero lake. Uthenga wa yankhowo usungidwe. Ngati mlembi wanena kuti analakwitsa ndipo akufuna kusintha chiganizo, imeneyo ndi kalata yatsopano, ndipo aitumize yekha kwa eni ntchito.

Nanga akapanda kupezeka? Msewu ukaduka ndipo netiweki kulibe, Lachinayi limafika yankho lisanabwere. Womasulira asankhe tanthauzo limene umboni wa pepala ukulikonda, kenako alembe pansi kuti chiganizochi chingathenso kumveka mwakuti, ndipo mlembi sanapezeke. Owerenga akadziwa kuti pali kukayika, angathe kutuma munthu kukaona asanagamule za ndalama. Chosayenera ndi kusankha mwakachetechete, kapena kulemba Chingerezi chozungulira dala kuti pasaoneke kuti womasulira sanadziwe.

Pamene mwini mawu anafuna kuti zimveke pawiri

Si kumveka pawiri konse kumene kuli ngozi. Kwina n'kwadala. Akuluakulu a boma akabwera kudzauza mudzi kuti usamukire kumtunda, amfumu akhoza kuyankha kuti, "Tamva." M'mawu amodziwa muli kumva ndi khutu, kumvetsa, ndiponso kumvera. Amfumuwo akudziwa bwino lomwe zimenezi. Sakufuna kukana pamaso pa alendo, sakufunanso kulonjeza anthu awo asanakambirane. Womasulira mfundo za msonkhanowo akalemba kuti amfumu anavomera, wawaika pa lonjezo limene sanapange. Akalemba mokhala ngati anangomva phokoso n'kunyalanyaza, wawachititsa mwano umene sanachite.

Kodi apa afunse? Omasulira amasiyana maganizo. Ena amati afunse ndithu, chifukwa lipoti likakhala lopanda yankho lenileni anthu a ku ofesi adzadzazamo okha limene akufuna. Ena amati kufunsako n'kukakamiza amfumu kunena chimene anasankha dala kusanena, ndipo imeneyo ndi ntchito ya amene anaitanitsa msonkhano, osati ya womasulira. Onse amagwirizana pa chimodzi: mawu a Chingerezi osankhidwawo akhale osamanga munthu, onena za kumva basi, ndipo ngati n'kofunika, pansi palembedwe kuti mawu a Chichewawo sakutsimikiza kuvomera kapena kukana. Chizindikiro chakuti kumveka pawiri n'kwadala ndi chakuti wolankhulayo akupindula ndi matanthauzo onse awiri nthawi imodzi. Mlembi wa sukulu uja sankapindula kanthu ndi "amalowa" wake, anangolemba mmene amalankhulira.

Zikamachokera ku Chingerezi

Njira yake ndi yomweyi, koma misampha imasintha malo. Chingerezi chili ndi mawu amodzi onena "iwe" ndi "inu". Chili ndi mawu amodzi onena amalume ndi bambo aang'ono kapena aakulu, ndipo kuno kusiyana kumeneku n'kwakukulu: kwa Amang'anja, amene amatsata mbali ya kuchikazi, mwini mbumba ndi malume, pamene kwa Asena ana amatsata kwa bambo. Chikalata chonena kuti mwana wamasiye asungidwe ndi wachibale wotchulidwa ndi mawu amodziwo sichingamasuliridwe m'Chichewa popanda kudziwa kuti ndi wa mbali iti. Chingerezi chilinso ndi mawu ena amene amatanthauza kawiri pa sabata komanso kamodzi pa masabata awiri, ndipo akapezeka pa ndondomeko ya sikelo kapena yogawa ufa, palibe chochitira mwina koma kufunsa. Ngakhale manambala amanamiza. Tsiku lolembedwa 03/04/2023 kwa ife ndi 3 Epulo, koma kwa wolemba wa ku America ndi 4 Malichi. Apa yambani mwasaka tsiku lina m'chikalata chomwecho lokhala ndi nambala yoposa 12, chifukwa malo amene nambalayo yakhala akuuzani kuti wolembayo amayamba ndi tsiku kapena mwezi.

Pali msampha wina umene umaoneka ngati mwayi. Chidziwitso chikanena kuti alandire mabulangete ndi "abambo ndi amayi okalamba", sizikudziwika ngati ukalambawo ukukhudza magulu onse awiri kapena limodzi lokha, ndipo vutoli lili m'Chingerezi ndi m'Chichewa momwe, kungoti m'Chingerezi mawu a ukalambawo amatsogola pamene m'Chichewa amatsatira. Womasulira angakondwe kuti wasunga kumveka pawiri monga kunalili. Koma kutembenuka kwa malo kwasintha amene akukayikiridwa: m'Chingerezi funso linali lakuti kaya amayi onse alandira nawo, m'Chichewa lasanduka lakuti kaya abambo onse alandira nawo. Chidziwitso chotere chimakawerengedwa pa chimkuzamawu pamaso pa anthu amene aima pa mzere kuyambira m'mawa pa dzuwa la ku Ngabu, ndipo amene adzalimbana ndi mkanganowo ndi wa komiti amene wagwira ndandanda ya mayina. Wolemba chidziwitsocho afunsidwe chisanasindikizidwe, ndipo akayankha kuti ndi okalamba okha mbali zonse, Chichewa chake chilembedwe motalikirapo: "abambo okalamba ndi amayi okalamba."